Mmene mungaphunzirire infinitivo pessoal wa Chipwitikizi poyambira pa Chichewa chanu

Tsiku lina ndili ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ndinagula matumba a mbatatesi kwa mlimi wina amene ankalankhula kwambiri Chipwitikizi chifukwa anakulira ku Beira. Anyamata ake atatu anali ataima pafupi ndi lole. Ine pofuna kuonetsa kuti chilankhulo ndikuchitha ndinati: *Pago depois de carregar os sacos.* Mumtima ndinkatanthauza kuti ndilipira anyamatawo akamaliza kukweza matumba. Mkuluyo anagwedeza mutu, anyamata nkukhala pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi foni yake. Panadutsa mphindi zingapo tikungoyang'anana. Kenako mmodzi anandifunsa m'Chinyanja, akudziletsa kuseka: "Achimwene, ndiye mukweza nokha?"

Sanalakwe. Chiganizo changa chinkanena kuti ndilipira ndikakweza ineyo. Chimene chinasowa ndi zilembo ziwiri zokha kumapeto kwa mneni. Ndikanati *depois de carregarem*, aliyense akanadziwa kuti okweza ndi iwo.

Kamchira kameneka ndiye nkhani yathu. Mabuku a Chipwitikizi amakatchula *infinitivo pessoal*, ena amati *infinitivo flexionado*. Amene amaphunzira Chipwitikizi kudzera m'mabuku a Chingerezi amauzidwa kuti ichi ndi chinthu chachilendo, chopanda mnzake m'Chingerezi, ndipo ambiri amachiopa asanachikhudze nkomwe. Za Chingerezizo nzoona. Koma wolankhula Chichewa akuyambira pabwino, chifukwa zimene kamchira kameneka kamachita, ife timazichita tsiku ndi tsiku osaganizira nkomwe. Choncho langizo langa ndi lakuti Chingerezi muchiike kaye pambali. Ganizani m'Chichewa, kenako lumphirani m'Chipwitikizi mwachindunji.

Choyamba: dziwani chimene mukupanga

M'Chichewa tili ndi mneni woyamba ndi ku-: kudya, kupita, kugula. Mneni ameneyu sanena kuti wochita ndani. M'Chipwitikizi mnzake ndi uja wothera ndi -r, amene mumamupeza mu dikishonale: *comer, ir, comprar*. Nayenso payekha alibe mwini.

Tsono taonani zimene timachita ife. Timati "ndagula ufa kuti tidye", kapena "ndagula ufa kuti adye". Sitisiya mneni ali wopanda mwini; timaika ti- kapena a- kutsogolo kuti zidziwike kuti wakudya ndani. Mpwitikizi amafuna zomwezo, koma njira yake ndi ina. Iye amasiya mneni uja wa mu dikishonale ali momwemo, nkumata kamchira kumapeto: *Comprei farinha para comermos. Comprei farinha para comerem.* Ife timamata kumutu, iwo amamata kumchira. Mukagwira mfundo imeneyi, theka la ntchito latha.

Chachiwiri: lowezani michira

Michira ndi yochepa moti mutha kuiloweza muli pamzere wodinditsa pasipoti pa Zobue. Titenge mneni *falar*, kulankhula:

*eu falar*
*tu falares*
*ele, ela, você falar*
*nós falarmos*
*eles, elas, vocês falarem*

Ndiye kuti michira yoti muisunge ndi itatu: *-es* wa *tu*, *-mos* wa *nós*, ndi *-em* wa *eles* ndi *vocês*. Pa *eu* ndi *ele* simuwonjezera kanthu. Palinso *-des* wa *vós*, monga *falardes*, koma ameneyu mudzamumva kutchalitchi powerenga Baibulo kapena kwa anthu a kumpoto kwa Portugal. Pa msika wa ku Tete simudzamufuna.

Chosangalatsa kwambiri ndi ichi: palibe mneni wopulukira. Aliyense amene analimbanapo ndi *ser*, *ir*, *ter* ndi *fazer* amadziwa kuti aneni amenewa ndi osamva, amasintha maonekedwe pa nthawi iliyonse. Koma pano onse amagona pansi. *Ser* amakhala *seres, sermos, serem*. *Ir* amakhala *ires, irmos, irem*. *Ter* ndi *teres, termos, terem*. *Fazer* ndi *fazeres, fazermos, fazerem*. Tsinde silisintha ngakhale pang'ono. Pa kalembedwe pokha pali tizinthu tiwiri. Aneni ngati *sair* ndi *cair* amalandira kachizindikiro pa i mu *saíres* ndi *saírem*, koma *sairmos* alibe. Ndipo *pôr*, kuika, amavula kachipewa kake akalandira mchira: *pores, pormos, porem*.

Potchula, mphamvu ya mawu imakhala pamene inali mu dikishonale, pa lembo la liwu lomwe lili kutsogolo kwa r. Mu *falarmos* mphamvu ili pa *-lar-*, mu *falarem* ili pa *-la-*. Khutu lizolowere kusiyanitsa *comprarem* ndi *compraram*: woyambayo ndi mneni wathuyu, wachiwiriyo akutanthauza kuti anagula kale. Munthu akamalankhula mothamanga awiriwa amamveka ngati mapasa, ndipo chimene chimakupulumutsani ndi kamawu kamene kabwera patsogolo pake. Za kamawuko ndiye zikubwerazi.

Chachitatu: gwirani timawu toitana mneni ameneyu

Apa mpamene Chichewa chimakulipirani. Malo amene *infinitivo pessoal* amapezeka kawirikawiri ndi pambuyo pa aperekezi, timawu ngati *para, antes de, depois de, sem, até, por, ao* ndi *apesar de*. Pafupifupi kalikonse ka timawuti kali ndi mnzake m'Chichewa amene amafunanso kuti wochita adziwike.

Yambani ndi *para*, chifukwa ndi amene mudzamugwiritsa ntchito kwambiri. Iye ndi "kuti" wa cholinga. "Ndabweretsa ndalama kuti ugule shuga" ndi *Trouxe dinheiro para comprares açúcar*. Pokana, *não* amalowa pakati: "tiyeni tifulumire kuti minibasi isatisiye" mutha kunena kuti *Vamos depressa para não perdermos o chapa*. Minibasi kumeneko amaitcha *chapa*, ndipo ngakhale dzinali likuthera ndi a, amati *o chapa*.

*Antes de* ndi -sana- wathu. "Tisanapite" ndi *antes de irmos*, "usanagone" ndi *antes de dormires*, "asanafike" ndi *antes de chegarem*. Taonani kufanana kwake: mu "tisanapite" muli zinthu zitatu, ti- wa ife, -sana- wa nthawi, ndi tsinde -pita. Mu *antes de irmos* mulinso zitatu zomwezo, zangosinthana malo.

*Depois de* ndi -ta-, nthawi zina -ka-: "titadya" ndi *depois de comermos*, "akamaliza" ndi *depois de acabarem*. Ubwino wake ndi wakuti *infinitivo* alibe nthawi yakeyake, amabwereka kwa mneni wamkulu wa m'chiganizomo. *Depois de comermos, saímos* ndi za dzulo: titadya tinatuluka. *Depois de comermos, vamos sair* ndi za kutsogolo: tikadya tituluka. Chidutswa choyambacho sichinasinthe.

Otsalawo tiwadutse mwachangu. *Sem* ndi osa- kapena "popanda": "anachoka ife osadziwa" ndi *Saiu sem nós sabermos*. *Até* ndi "mpaka": "ndidikira mpaka abwerere" ndi *Espero até eles voltarem*. *Ao* ndi po- wa nthawi: *Ao entrarmos na loja, vimos o dono*, polowa m'sitolo tinaona mwini wake. *Apesar de* ndi "ngakhale": *apesar de serem irmãos*, ngakhale ndi apachibale. *Por* amapereka chifukwa, ndipo amakonda kuyenda ndi *ter* pokamba zimene zinachitika kale: *Obrigado por terem vindo*, zikomo chifukwa chobwera. Chiganizo chomalizachi mudzachimva pa ukwati, pa maliro, pa msonkhano uliwonse, choncho chilowezeni chonse monga chilili.

Malo achiwiri ndi pambuyo pa mawu opereka maganizo opanda mwini, monga *é melhor, é preciso, é bom, é difícil*. Ife timati "ndi bwino tinyamuke m'mawa", iwo amati *É melhor sairmos cedo*. "Nkofunika ana adye" ndi *É preciso as crianças comerem*. Mukasiya mchira nkunena kuti *É melhor sair cedo*, chiganizo sichinalakwike, koma tsopano chasanduka langizo la aliyense, ngati mmene timanenera kuti "ndi bwino kunyamuka m'mawa". Kusiyana kwa "ndi bwino kunyamuka" ndi "ndi bwino tinyamuke" ndiko kusiyana kwa *sair* ndi *sairmos*, ndendende.

Chachinayi: funsani funso limodzi musanatsegule pakamwa

Funso lake nlakuti: wochita mneni wachiwiriyu ndi yemweyo wochita woyamba, kapena ndi wina?

Akakhala wina, mchira ndi wokakamiza. Kumeneku ndiye kunali kulakwa kwanga kwa ku Ulongwe. Wolipira ndinali ine, okweza anali anyamata, ndipo mneni wopanda mchira womvera amangomupatsa kwa munthu amene watchulidwa kale m'chiganizo.

Akakhala yemweyo, muli ndi ufulu. *Trabalhamos para comer* ndi *Trabalhamos para comermos* onse ndi olondola, ndipo woyambayo ndi wopepuka. Anthu amakonda kuika mchira pamene chidutswacho chayambirira chiganizo, chifukwa womvera sanadziwebe kuti nkhani ikukamba za yani: *Antes de sairmos, fechámos a porta.* Amauikanso pamene mneni watalikirana ndi mwini wake chifukwa cha mawu ambiri pakati.

Pali dzenje limodzi apa limene limagwetsa ngakhale ozolowera. Tanena kuti *eu*, *ele* ndi *você* alibe mchira. Ndiye mukauza munthu wamkulu amene mumamulemekeza kuti *Ligue-me antes de sair*, iye amva kuti akuimbireni asanatuluke iyeyo. Ngati mumatanthauza kuti aimbe inuyo musanatuluke, muyenera kutchula mlowam'malo: *Ligue-me antes de eu sair*. Mlowam'malo wake ndi *eu*, osati *mim*. Mudzamva anthu, makamaka m'masewero a pa kanema a ku Brazil, akunena kuti *para mim fazer*, koma mphunzitsi aliyense adzakudulani ndi cholembera chofiira. Zolondola ndi *para eu fazer*. *Mim* amakhala bwino pamene palibe mneni wotsatira amene iye akuchita: *Isto é para mim*, ichi nchanga.

Kanthu kena kakang'ono: *a gente*, amene anthu amamugwiritsa ntchito m'malo mwa *nós*, amatengedwa ngati munthu mmodzi. Choncho ndi *para a gente ir*, osati *irmos*.

Chachisanu: dziwani pamene Chichewa chikupusitseni

Ndakhala ndikuyamikira Chichewa, koma pali malo awiri pamene chimatha kukutsogolerani kuthengo.

Oyamba ndi "kuti". Ife tili ndi "kuti" mmodzi wogwira ntchito zambiri. "Ndabwera kuti udye" ndi cholinga, ndipo *para comeres* akukwana. Koma "ndikufuna kuti ubwere" ndi nkhani ina. Mneni *querer* salola *infinitivo pessoal*. *Quero para vires* kapena *quero tu vires* ndi Chipwitikizi chothyoka. Apa pamafunika *que* ndi kanenedwe kena kamene ku Mozambique ndi ku Portugal amati *conjuntivo*, ku Brazil *subjuntivo*: *Quero que venhas*. Chimodzimodzi *espero que* ndi *duvido que*. Koma *pedir*, kupempha, ndi *dizer* potanthauza kulamula, amalola *para*: *Pedi-lhes para esperarem*, ndinawapempha kuti adikire, *Disse-te para não ires*, ndinakuuza kuti usapite.

Lamulo lothandiza ndi ili: pamene pali mlumikizi *que*, *infinitivo* salowapo. *Para comermos* ndi *para que comamos* amatanthauza chimodzi, *antes de chegarem* ndi *antes que cheguem* chimodzimodzi, koma simungasakanize nkunena kuti *para que comermos*. Kwa wophunzira iyi ndi mphatso. *Conjuntivo* ali ndi nthawi zake ndi aneni osamva ambirimbiri, ndipo pokamba zakale *para que comamos* amayenera kusintha nkukhala *para que comêssemos*, pomwe *para comermos* amakhala chomwecho. Ine ndinatha zaka ziwiri ndikuzemba *conjuntivo* mwa njira imeneyi, ndipo anthu pocheza nawonso amasankha njira yaifupiyi. Yaitaliyo imamveka kwambiri m'makalata a ku ofesi ndi m'manyuzipepala.

Malo achiwiri ndi pamene aneni awiri agundana, wina wothandiza mnzake. Munthu akangophunzira michira imeneyi amaikonda mopitirira, nkuyamba kuimata paliponse: *podemos irmos, vamos comermos, querem saírem*. Zonsezi nzolakwa. Pambuyo pa *poder, dever, ir, querer, começar a, ter de* ndi *estar a*, mneni wachiwiri amakhala wopanda mchira: *podemos ir, vamos comer, querem sair, estamos a trabalhar*. Chichewa chikhoza kukuthandizaninso mukachimvetsera bwino. Timati "tikufuna kupita", "tayamba kudya", "tiyenera kulipira". Ti- ali pa mneni woyamba yekha, wachiwiri ali ndi ku- wake wamba. Pamene Chichewa chasunga ku-, Chipwitikizi nachonso kawirikawiri chimasiya *-r* wopanda mchira. Chovuta ndi chakuti pocheza timathanso kunena kuti "tikufuna tipite", ndipo chizolowezi chimenechi ndi chimene chimabala *queremos irmos*.

Zofanana ndi izi zimachitika ndi *mandar, deixar, fazer, ver* ndi *ouvir* pamene munthu wachiwiri watchulidwa ndi mlowam'malo womatirira kwa mneni. Amati *Mandei-os sair*, ndinawatulutsa, popanda *-em*. Mukatchula dzina lenileni, njira zonse ziwiri zimamveka: *Vi os meninos brincar* kapena *Vi os meninos brincarem*.

Chachisanu ndi chimodzi: mapasa osokoneza

Gawo ili likhalireni pansi, chifukwa ndi limene limasiyanitsa wodziwa ndi wongoyerekeza.

Chipwitikizi chili ndi kanenedwe kena kotchedwa *futuro do conjuntivo*, kamene kamabwera pambuyo pa *quando, se, logo que, assim que* ndi *enquanto* pokamba za kutsogolo. M'Chichewa ndi -ka- uja wa "tikafika", "ukapeza", "akabwera". Tsoka lake nlakuti michira yake ndi yomweyo, *-es, -mos, -em*, ndipo pa aneni omvera malamulo maonekedwe onse amafanana ndi a *infinitivo pessoal*. *Antes de chegarmos* ndi *quando chegarmos*: *chegarmos* yemweyo, koma ndi anthu awiri osiyana ovala malaya ofanana. Wophunzira amazolowera *chegar, falar, comprar*, nkuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Tsiku limene wakumana ndi *fazer* ndi pamene amagwa, nkunena kuti *quando fazermos* m'malo mwa *quando fizermos*.

Kusiyana kwake kuli pa tsinde. *Infinitivo pessoal* amachokera ku mneni wa mu dikishonale. Mnzakeyo amachokera ku nthawi yakale ya *eles*, mutachotsa *-am*. *Eles fizeram* amapereka *fizer*, *tiveram* amapereka *tiver*, *estiveram* amapereka *estiver*, *disseram* amapereka *disser*, ndipo *foram* amapereka *for*, amene amatumikira *ser* ndi *ir* onse awiri. Nchifukwa chake aneni omvera malamulo amafanana: *falaram* mukachotsa *-am* mwabwerera pa *falar*.

Ndiye muyeso wake ndi wapafupi. Yang'anani kamawu kakutsogolo. Ngati ndi mperekezi, *para, de, sem, até, por, ao*, tengani tsinde la mu dikishonale: *para termos dinheiro*, kuti tikhale ndi ndalama. Ngati ndi *quando* kapena *se*, tengani tsinde la nthawi yakale: *quando tivermos dinheiro*, tikakhala ndi ndalama.

Oopsa koposa ndi *vir*, kubwera, ndi *ver*, kuona, chifukwa amabwerekana malaya. Awa ndinachita kuwalemba pa kapepala nkukamata m'kati mwa chikwama changa:

*para eles virem*: kuti abwere
*quando eles vierem*: akabwera
*para eles verem*: kuti aone
*quando eles virem*: akaona

Mzere woyamba ndi womaliza uli ndi *virem* yemweyo, koma wina ndi kubwera, wina ndi kuona. Choncho *se vires o meu irmão* ndi "ukamuona mchimwene wanga", pomwe *antes de vires* ndi "usanabwere". Eni chilankhulo ambiri nawonso amapunthwa apa nkunena kuti *se eu ver*, choncho musadabwe mukazimva, koma pa mayeso musazilembe.

Chachisanu ndi chiwiri: tilembe uthenga weniweni

Tiyerekeze kuti mukufuna kutumiza uthenga wa pa foni kwa mlimi wa ku Angonia. M'Chichewa mukanalemba chonchi: "Bambo, tinyamuka Loweruka m'mawa. Tiimba tisanafike pa malire. Ndi bwino anyamata asankhiretu mbatatesi, kuti tisataye nthawi. Tikakhala kumeneko tipereka theka la ndalama. Zotsalazo tipereka anyamata akakweza matumba onse. Musasoke matumba ife osaona. Pepani kuti sitinaoneke sabata yatha."

Poyamba dulani mzere pansi pa mneni wachiwiri aliyense: tisanafike, asankhiretu, tisataye, tikakhala, akakweza, osaona, sitinaoneke. Tsopano mmodzimmodzi.

"Tisanafike" ndi -sana-, ndiye *antes de*. Woimba ndi wofika ndi ife tomwe, choncho mchira ndi wosakakamiza, koma ukuthandiza kuti mkuluyo asaganize kuti wofika pa malire ndi iyeyo: *Vamos ligar antes de chegarmos à fronteira.* Onani kuti *ligar* wakhala wopanda mchira chifukwa watsatira *vamos*.

"Ndi bwino anyamata asankhiretu" ndi *é melhor* wokhala ndi mwini wotchulidwa, ndiye *-em* ndi wokakamiza: *É melhor os rapazes escolherem já a batata.* Mbatatesi ku Mozambique amaitchanso *batata-reno*, posiyanitsa ndi *batata-doce*, mbatata ya kholowa. "Kuti tisataye nthawi" wochita wasintha, tsopano ndi ife: *para não perdermos tempo*.

"Tikakhala kumeneko" ndi -ka- wa *quando*, ndiye msampha uja. Mneni ndi *estar*, nthawi yakale ndi *estiveram*, choncho *Quando estivermos aí, pagamos metade.* Mukalemba *quando estarmos* mwagwa.

"Anyamata akakweza" alinso ndi -ka-, ndipo mukanatha kugwiritsa ntchito *quando*. Koma tanthauzo lenileni ndi lakuti ntchito iyambe yatha, ndiye *depois de* akukwana bwino: *O resto pagamos depois de os rapazes carregarem os sacos todos.* Apa pali kanthu ka kalembedwe. Munaphunzira kuti *de* ndi *os* akakumana amakhala *dos*. Koma pamene dzinalo ndi mwini wa *infinitivo*, olemba mosamala samaphatikiza: *depois de os rapazes carregarem*, *antes de o comboio chegar*, *apesar de ele ser rico*. Chifukwa chake nchakuti *de* akuperekeza mneni, osati anyamata. Polankhula mudzamva *depois dos rapazes carregarem* tsiku lililonse, ndipo palibe adzakudzudzuleni pa msika, koma m'kalata yofunsira ntchito lekanitsani.

"Ife osaona" ndi *sem*, wosoka ndi wina, woona ndi ife: *Não feche os sacos sem nós vermos.* Mlowam'malo *nós* mutha kumusiya chifukwa *-mos* wanena kale. Ndamuika pofuna kutsindika, monga mmene "ife" akutsindikira m'Chichewamo. Pomaliza kupepesa, kumene kukukamba zakale, ndiye *ter* alowe: *Desculpe por não termos aparecido na semana passada.*

Uthenga wonse ukhala chonchi:

*Bom dia, senhor. Partimos no sábado de manhã. Vamos ligar antes de chegarmos à fronteira. É melhor os rapazes escolherem já a batata, para não perdermos tempo. Quando estivermos aí, pagamos metade. O resto pagamos depois de os rapazes carregarem os sacos todos. Não feche os sacos sem nós vermos. Desculpe por não termos aparecido na semana passada.*

Kanthu kotsala: aneni okhala ndi *se*

Aneni ngati *sentar-se*, kukhala pansi, ndi *levantar-se*, kudzuka, amayenda ndi kamlowam'malo kawo, ndipo funso limakhala lakuti kaikidwe kuti. M'Chipwitikizi cha ku Portugal, chimene sukulu za ku Mozambique zimatsata, pambuyo pa *para, de, sem* ndi *até* kamlowam'maloko kamatsogola: *para nos sentarmos, antes de te levantares, sem se despedirem*. Pambuyo pa *ao* ndi pambuyo pa mawu ngati *é melhor* kamapita kumchira ndi kamzere: *ao levantarem-se*. Zikatero ndi *nós*, s wa *-mos* amagwa: *É melhor sentarmo-nos*, osati *sentarmos-nos*.

Poyeserera, musalimbane ndi mndandanda wa aneni zana. Tengani zimene mwachita lero kuyambira podzuka, muzinene m'Chichewa mokweza, ndipo paliponse pamene mwamva -sana-, -ta-, osa-, "mpaka" kapena "kuti" wa cholinga, imani nkutembenuza chidutswa chokhacho. Mukakayika ngati mawu ngati *chegarmos* ndi *infinitivo* kapena ndi mapasa ake aja, ikani *fazer* m'malo mwake. Khutu likalandira *fazermos*, muli pa *infinitivo*. Likafuna *fizermos*, muli kwinako. Kenako sinthani wochita katatu pa chiganizo chomwecho, *tu*, *nós*, *eles*, mpaka lilime lisiye kupunthwa pa *-rmos*, amene kwa ife ozolowera kutsatiza lembo la liwu pa lembo lililonse amafuna kutuluka ngati "rimosi".